Zandege ija inakwereranso m'mwamba pa Chileka

Azakhali: "Mwana wa achimwene, iwe unagwirapo ntchito ya zanyengo ku bwalo la ndege, tandiuze. Dzulo msuweni wako pochokera ku Joni akuti anatsika mpaka kumaona malata a nyumba za ku Chileka, kenako ndege n'kukweranso, kukatera ku Lilongwe. Ati mvula. Chindege chonse chija kuopa mvula? Ife tinachita hayala galimoto kuchokera kuno ku Chitakale pachabe."

Zikomo azakhali, pepani ndi ndalama za hayala zija, koma woyendetsa ameneyo ine ndikumuyamikira. Mvula payokha ndege siiopa ayi, imatera bwinobwino kukugwa chimvula. Chimene amathawa ndi mtambo wa mabingu, makamaka mphepo imene imatsika kuchokera m'mimba mwake.

Mtambowo mumaudziwa, ndi uja umakula masana mu Disembala, wakuda bii kunsi, pamwamba woyera ndi wophwatalala. Sapitwa ndi mamita 3,002, koma mtambo umenewu kuno kotentha umatha kufika makilomita 15, ndiye kuti Sapitwa kasanu. Ndege zikuluzikulu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12, choncho zoti aulumphe palibe, amachita kuulambalala. M'kati mwakemo mphepo ina ikuthamangira kumwamba, ina pansi, muli matalala, muli ziphaliwali. Komatu chiphaliwali chimene anthu amaopa kwambiri ndiye chaching'ono pa zonsezi. Chimamenya ndege ndithu, koma magetsiwo amayenda pachikopa chakunja n'kutulukira kumchira kapena kunsonga ya phiko, anthu m'katimo amangomva kuti phaa.

Tsono mvetsani apa. Chimene chimanyamula ndege ndi mphepo yodutsa pamapiko. Liwiro limene woyendetsa amaliyang'anitsitsa si la mmene akudutsira nthaka ayi, koma la mmene mphepo ikuwombera mapikowo. Likachepa kupitirira malire ake, mapiko amasiya kugwira, ndege imangotitimira.

Mukukumbukira mphepo yozizira imene imabwera mwadzidzidzi mvula ya mabingu isanafike, ija imasasula madenga ndi kugwetsa nthochi? Imeneyo imakhala itagwa kuchokera mumtambo. Mvula ndi matalala zimakokera mpweya pansi, mpweyawo n'kuzizira, n'kulemera, n'kugwa. Ukafika pansi umamwazika mbali zonse ngati madzi okhuthula mundowa pasimenti. Nthawi zina zimachitika pakamalo kosapitirira makilomita 4, kwa mphindi 5 mpaka 15 zokha, koma mphepo yotsikayo imatha kufika mamita 30 pa sekondi. Imeneyi ndiye amati maikulobasiti.

Tiyerekeze kuti yagwa pamene ndege imadutsa ikamatera. Ndege ikubwera pa liwiro la makilomita 260 pa ola, mateyala atuluka, yatsala mamita 100 kuti igunde pansi. Yamtundu umenewu mapiko amasiya kugwira cha m'ma 210. Ikamalowa, mphepo yomwazika ija ikuiwomba kumaso, tinene ya makilomita 40 pa ola. Liwiro lakwera kufika 300, ndege yadzikweza yokha. Woyendetsa wosadziwa amati ndathamanga, n'kuchepetsa moto wa injini. Msampha uli pamenepo. Masekondi pang'ono walowa pakati, mphepo ikumupondereza kuchokera pamwamba. Potulukira mbali inayo mphepo yomweyo ikuchokera kumbuyo, 40 ija tsopano ikuchotsera, liwiro lagwa kufika 220 kapena kutsikirapo, poti moto anachepetsa kale. Akankhe zoonjezera moto, injini ya jeti siyankha pompo, imafuna masekondi angapo kuti ikoke. Zonsezi zatha mphindi imodzi isanakwane, ndipo pansi pali pafupi.

Zinachitikapo zimenezi. Pa 2 Ogasiti 1985 ndege ya Delta inalowa mu maikulobasiti ikutera ku Dallas ku Amerika, anthu 137 anafa. Ngozi ngati imeneyo ndi zimene zinachititsa kuti ndege zonyamula anthu ziikidwe makina ochenjeza. Lero pagalasi la woyendetsa pamatuluka mawu ofiira akuti WINDSHEAR, kutanthauza kuti mphepo yasintha mwadzidzidzi, ndipo makina amakuwanso. Akangomva, sakambirana: moto wonse, mphuno m'mwamba cha pa madigiri 15, mapiko osapendeketsa, mateyala osawakhudza mpaka atatuluka. Amaziyeserera mobwerezabwereza m'makina ophunzirira. Ndiye ngati msuweni wanga anamva kukankhidwira kumpando ndi kulira kwa injini, ndi zimenezo. Nthawi zambiri sadikira n'komwe kuti makina akuwe. Akaona liwiro likuvinavina, kapena a munsanja awauza kuti mphepo yatembenuka, amangokwera.

Mtambowo amauona patali. Kumphuno kwa ndege kuli rada imene imaonetsa madzi a mumtambo: kobiriwira ndi mvula yochepa, kwachikasu yochulukirapo, kofiira musayandikire. Koma rada ija ili ndi bodza lake. Mtambo wa madzi ambiri umameza mphamvu yake yonse, kuseri kwake n'kumaoneka kwakuda ngati kulibe kanthu, chonsecho kwabisala mtambo wina. Woyendetsa wozindikira salowa mumdima woterowo. Mtambo woopsa amaupatsa mpata wa makilomita 37, ndipo amakonda kudzera mbali imene mphepo ikuchokera, chifukwa mbali inayo mtambo umalavula matalala kunja kumene kukuoneka koyera.

Nanga bwanji sanangodikira? Ayenera kuti anazungulirako. Koma mafuta amachita kuwerengera asananyamuke: okafikira, okafikira ku bwalo lina ngati loyamba lakanika, ena apadera, ndi omalizira a mphindi 30 amene sayenera kukhudzidwa. Wozungulira amayang'ana geji, ikafika pamene atsala ongokwanira Lilongwe ndi omalizira aja, amanyamuka basi, ngakhale mtambo ukuoneka ngati ukusuntha.

Pali chinanso chimene simungachiganizire kuno kotentha: ayezi. Mukamakwera kumazizira pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa kilomita iliyonse, ndiye cha pa makilomita 5 madzi amayamba kuundana, ngakhale ife pansi tikutuluka thukuta. Chodabwitsa n'chakuti timadontho ta mumtambo timatha kukhala tamadzimadzi kuzizira kutapitirira pamenepo, kudikira chotigunda. Phiko likangotigunda timaundana pomwepo, kutsogolo kwa phiko. Vuto lalikulu si kulemera ayi, koma kuti phiko lasintha maonekedwe, mphepo siyendanso bwino pamwamba pake, ndiye limasiya kugwira pa liwiro limene dzulo linali lokwanira. Majeti ambiri amatenthetsa m'mphepete mwa mapiko ndi kukamwa kwa injini ndi mpweya wotentha wochokera mu injinimo. Ndege zambiri za mapulopela zili ndi labala wakuda kutsogolo kwa phiko, amamupopa n'kufufuma, ayezi n'kusweka. Mukadzakwera yoteroyo mudzasuzumire pawindo, mudzamuona. Ayezi amathanso kutseka timapaipi toyezera liwiro. Ndi mmene inayambira ngozi ya Air France pa 1 Juni 2009, pochoka ku Rio kupita ku Paris: timapaipi tinatsekeka kwa kanthawi mumitambo ya mabingu, oyendetsa anasokonezeka n'kukweza mphuno mopitirira, anthu 228 anathera m'nyanja.

Za ulendo wina, azakhali, nyengo ya dzinja ino mitambo imeneyi imakonda kupsa masana ndi chakumadzulo dzuwa likatenthetsa nthaka. Ngati pali kusankha, msuweni azitenga yofika m'mawa, ndipo inu muzigwirizana ndi wagalimoto za mtengo wodikirira musananyamuke, poti mtambo umodzi kawirikawiri umatha mkati mwa ola, koma ukakhala mzere wautali ndiye mpaka usiku.