ROE yakwera koma ndalama sindikuziona

"Abale ndithandizeni, ndili ndi shopu ya feteleza ndi mbewu pa Lizulu. 2023 ndinagulitsa za K60 miliyoni, phindu K6 miliyoni, chuma chonse cha bizinesi K30 miliyoni, changachanga K24 miliyoni. 2024 malonda K80 miliyoni, phindu K6.4 miliyoni, chuma K50 miliyoni, changa K20 miliyoni. Akauntanti akuti ROE yachoka pa 25 peresenti kufika 32 ndiye zili bwino, nanga bwanji ndikuvutika kulipira ondipatsa katundu?"

Achimwene, akauntanti sananame koma akuuzani theka lokha. Nambala ya ROE ija, yomwe ndi phindu pa ndalama zanuzanu za mu bizinesi, muiphwanye patatu, njirayi amati ya DuPont chifukwa inayambira ku kampani ya ku Amerika ya dzina limenelo:

```
ROE = Net Profit/Sales x Sales/Assets x Assets/Equity
2023: 10% x 2.0 x 1.25 = 25%
2024: 8% x 1.6 x 2.5 = 32%
```

Chigawo choyamba ndi phindu pa malonda. 2023 mukagulitsa za K100 munkatsala ndi K10, pano mukutsala ndi K8 basi. Chachiwiri chikuonetsa kuti chuma chanu chikuzungulira kangati pa chaka, poyamba K1 iliyonse inkabweretsa malonda a K2, pano ikubweretsa K1.60. Ndiye mwaona eti, ziwiri zomwe zikunena za mmene shopu ikugwirira ntchito zonse zatsika. Mukazichulukitsa zokhazo mupeza kuti phindu pa chuma chonse lachoka pa 20 peresenti kufika 12.8.

Chomwe chakweza ROE ndi chachitatucho, ngongole. Chotsani chanu pa chuma chonse, chotsalacho ndi cha eni ake. 2023 ngongole inali K6 miliyoni yokha, 2024 yafika K30 miliyoni, kasanu! Mu shopumo pa matumba khumi aliwonse, anu ndi anayi, enawo mukungowasungira anthu. Ngongole ikanakhala pa mlingo wakale uja wa 1.25, ROE yanu bwenzi ili 16 peresenti osati 32.

Koma pali china chomwe chandiimitsa mutu, musakwiye nane. Munali ndi K24 miliyoni, mwapindula K6.4 miliyoni, changachanga chimayenera kukhala K30.4 miliyoni. Inu mukuti K20 miliyoni. Ndiye kuti K10.4 miliyoni yatuluka mu bizinesi, kaya mwamangira nyumba kaya fizi kaya mwagula kagalimoto kapakhomo mukudziwa ndinu, ine sindikuweruza ayi tonse timatapa, koma masamu ake ndi oti mukachepetsa nambala yapansi yankho limakula lokha. Munthu atha kukweza ROE pongodya mpamba wake. Ndalama zomwe simukuzionazo zina zapita kumeneko, ndipo dzenje lake mwakwirira ndi ngongole.

Tsopano kafufuzeni chifukwa chake ziwiri zija zatsika. Pa phindu, funsani akauntanti akupatseni phindu lisanachotsedwe chiwongoladzanja, zaka zonse ziwiri. Ngati limenelo silinasinthe kwenikweni pa K100 iliyonse ndiye kuti wakudyerani ndi wobwereketsa, ngongole yomweyo ikukweza chigawo chachitatu kwinaku ikudula choyamba. Ngati latsika nalonso, vuto lili pa mtengo woodera, thiransipoti, kapena mumatsitsa mitengo kuopa anzanu a pamsika. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye kuchoka pa 60 kufika 80 musasangalale msanga, werengani matumba amene anatuluka, mwina ndi mitengo chabe yakwera matumba ali omwewo kapena ochepa.

Pa kuzungulira kwa chuma, K20 miliyoni yowonjezera ija, kuchoka pa 30 kufika 50, ili pati? Malo ake ndi ochepa, sitoko yomwe yangokhala, alimi a kachewere amene anatenga feteleza pa ngongole kuti adzalipira akakumba, kapena chinthu ngati lole ndi nyumba yosungiramo katundu. Ikakhala lole yomwe mwagula kumapeto kwa chaka palibe mantha kwambiri, sinayambe kubweza. Koma ikakhala mbewu ya chimanga yotsala nyengo yatha kapena ngongole za alimi zopitirira miyezi 6, pa pepala ndi chuma koma simungalipire nazo munthu, ndipo tsiku lomwe mudzavomereze kuti zatayika phindu lija lidzatsika nazo.

Chenjezo limodzi lokha pa masamu angawa. Ndagwiritsa ntchito manambala a tsiku lotsekera chaka, ndipo shopu ngati yanu mu Disembala imakhala yodzaza mpaka kudenga ndi katundu wa ngongole, mu Meyi mbee. Onetsetsani kuti zaka zonse ziwiri munatseka mwezi umodzimodzi, kapena phatikizani chuma cha poyamba ndi cha kumapeto kwa chaka mugawe pawiri, chimodzimodzi ndi changachanga, kenako muwerengenso. Mukapeza nambala ya chiwongoladzanja ija iponyeni pompano tione ngati ngongoleyo ikubweza zoposa zomwe ikudya.