Laputopu yapita, mavidiyo a kwaya atsala pa YouTube okha: muwatenga bwanji?

"Ndine mlembi wa kwaya ya mpingo wathu ku Mufakose. Laputopu imene tinkasungamo mavidiyo onse a kwaya inabedwa, ndipo atsala ndi okhawo amene ndinaika pa YouTube, ena obisika oti ankaonera ndife tokha. Mwana wanga akuti tiwakokere pa mawebusaiti aja odawunilodera, koma imodzi imene tinayesa inatuluka yosaoneka bwino. Palibe njira ina?"

Pepani ndi zakubazo, bambo mlembi. Njira ilipo, ndipo mawebusaiti ajawa asiyeni. Iwo amangojambula zimene YouTube imaonetsa anthu, zomwe ndi vidiyo yofinyidwa kale, komanso vidiyo imene munaiika pa Private saiona n'komwe. Ngakhale batani la Download la mu YouTube Studio, lomwe ndi la eni ake, limangopereka fayilo ya 720p kapena 360p, imodziimodzi. Chimene mukufuna ndi Google Takeout. Imeneyi imakulongedzerani zonse zimene munaika pa akaunti yanu, zobisika zomwe, ndipo nthawi zambiri imabweza fayilo yeniyeni imene munakweza, kukula kwake komweko. Salipiritsa. Koma vidiyo imene munaifufuta nokha pa tchanelo simuipezamo, imeneyo inapita.

Musanadine chilichonse, fufuzani kaye kuti tchanelo cha kwaya chili pa akaunti iti, chifukwa apa m'pamene ambiri amasochera. Matchanelo a magulu, okhala ndi dzina losiyana ndi la mwini imelo, kawirikawiri amakhala pa chimene Google imachitcha Brand Account. Mumalowa ndi imelo yanu yomwe ija, inde, koma katundu wa tchanelo amasungidwa payekha. Mukapempha Takeout muli pa dzina lanu, pakapita maola angapo mulandira kafayilo kakang'ono kokhala ndi mndandanda wa zimene munaonera ndi zimene munafufuza, vidiyo ya kwaya ayi ngakhale imodzi. Munthu amayamba kuganiza kuti mavidiyo atayika pamene wangogogoda khomo la nyumba ina. Choncho mukatsegula takeout.google.com, dinani kachithunzi ka kumwamba kudzanja lamanja, musankhe dzina la kwaya. Ngati dzinalo silikuoneka, n'kutheka kuti tchanelocho anatsegula ndi munthu wina, mwina mnyamata amene ankajambula poyamba, ndipo inu anangokupatsani mpata woikapo mavidiyo. Zikatero mufuneni iyeyo, apemphe Takeout pa akaunti yake.

Tsamba likatseguka mupeza kuti zinthu zambirimbiri za Google zasankhidwa kale, maimelo, zithunzi, mapu ndi zina. Dinani Deselect all kuti zonse zichoke, kenako tsikani mpaka kumunsi kwenikweni muchonge YouTube and YouTube Music. Pansi pake pali batani lolembedwa All YouTube data included. Litseguleni, musiye videos ndi video metadata, zinazo muchotse. Chachiwiricho n'chaching'ono koma chili ndi mitu, mafotokozedwe ndi masiku a mavidiyo, zomwe zidzakuthandizani kudziwa kuti kuimba uku kunali kwa chaka chiti. Mukatero dinani Next step.

Tsamba lachiwiri ndi limene likufunika kuliganizira bwino kwa ife a kuno ku Harare. Likufunsani kumene katunduyo apite. Mukhoza kusankha Google Drive, koma akaunti yaulere ili ndi malo a 15 GB okha, ogawana ndi Gmail ndi zithunzi, ndipo mavidiyo a kwaya akhoza kuwadzaza mpaka maimelo n'kusiya kulowa. Ine ndikanasiya pa Send download link via email, n'kusankha Export once ndi .zip, poti .zip imatseguka pa kompyuta iliyonse popanda pulogalamu yapadera.

Kenako pali kukula kwa phukusi lililonse: 1, 2, 4, 10 kapena 50 GB. Tiyerekeze kuti mavidiyo anu onse ndi 30 GB. Mukasankha 50 GB mulandira fayilo imodzi, zooneka zosavuta. Koma pa intaneti yothamanga 10 Mbps fayilo imeneyo imafuna pafupifupi maola asanu ndi awiri osadukiza, ndipo magetsi akazima pa ola lachisanu, nthawi zambiri mumayambiranso pachiyambi. Mukasankha 2 GB mulandira mafayilo pafupifupi 15, iliyonse yotenga mphindi zosakwana 30. Imodzi ikaduka mwangotaya theka la ola. Palinso chifukwa china chosankhira 2 GB: mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa FAT32, yomwe imakana fayilo yokwana 4 GB, ngakhale fulashiyo ikhale yopanda kanthu. Ikamanena kuti fayilo yakula kwambiri pamene malo alipo, vuto ndi limenelo, ndipo mankhwala ake ndi kuikonzanso ikhale exFAT, mutachotsamo kaye zanu chifukwa zonse zimafufutika. Vidiyo imene payokha yaposa 2 GB, monga mapemphero a tsiku lonse, saidula pakati. Ibwera yokha ngati fayilo yapadera pambali pa ma .zip aja.

Mukadina Create export, tsekani kompyuta mukachite zina. Kulongedza kumachitikira kwa Google, sikudya bandulo yanu, ndipo kumatenga maola angapo, mwina masiku ngati katundu ndi wambiri. Imelo ikafika, nthawi yayamba kuwerengedwa: linki imagwira ntchito pafupifupi sabata imodzi, ndipo phukusi lililonse amalola kulidawuniloda kasanu kokha. N'chifukwa chake ndikuti musapemphe lero ngati simunadziwe kumene mukadawunilodere. Magigabayiti 30 pa bandulo ya foni ndi ndalama zoti msungichuma wa kwaya angakuyang'aneni ndi diso lofiira. Pezani kaye wa mumpingo amene ali ndi intaneti ya m'nyumba yopanda malire, kapena ofesi imene angakuloleni Loweruka, mugulenso hadi disiki kapena fulashi ya 64 GB. Malo akhale ochulukirapo, chifukwa mukamasula ma .zip, kwa kanthawi mumakhala ndi zonse kawiri. Ngati sabata yatha musanamalize palibe chatayika, mungopemphanso kachiwiri.

Podawuniloda, Google idzakufunsaninso pasiwedi, mwinanso n'kutumiza nambala ku foni yanu, ndiye foniyo ikhale m'thumba. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta ya munthu wina, mutuluke mu akaunti mukamaliza. Ndipo poti akaunti yanu inali yotsegula pa laputopu yobedwayo, sinthani pasiwedi lero lomwe, kenako pa myaccount.google.com, pansi pa Security, muichotse laputopuyo pa mndandanda wa zipangizo zanu. Wakuba akafufuta tchanelo, Takeout siidzapezanso chilichonse.

Phukusi lililonse la .zip limatseguka palokha, silidikira anzake. Mumasule onse mu foda imodzi, ndipo mavidiyo muwapeza apa:

```
Takeout/YouTube and YouTube Music/videos
```

Ntchito yotsala ndi kuwerenga. Tsegulani YouTube Studio, pa Content, muone kuti muli mavidiyo angati, osaiwala a pa Live ndi Shorts omwe amakhala pa mizere yawoyawo, kenako muyerekeze ndi amene ali mu foda. Akaperewera, onani manambala a kumapeto kwa maina a mafayilo, 001, 002, 003 mpaka omaliza, mwina mwadumpha limodzi. Phukusi limene likukana kutseguka, kapena limene kukula kwake kwachepa poyerekeza ndi zimene tsamba la Takeout likunena, linaduka panjira, lidawunilodeninso. Pa vidiyo iliyonse yaitali, kokerani kadontho mpaka chakumapeto muone ngati chithunzi ndi mawu zikuyendabe. Zonse zikakwanira, koperani fodayo pa disiki yachiwiri, ikasungidwe kwa wapampando wa kwaya kapena kunyumba ya abusa.