Matikiti akaunjikana Lolemba m'mawa, muyambire pati?

"Ndangoyamba kumene ntchito yothandiza anzanga pa mavuto a makompyuta, ndipo timagwiritsa ntchito Jira Service Management. Lolemba m'mawa ndimapeza matikiti oposa 40 pamzere. Ndingadziwe bwanji amene adikira nthawi yaitali, nanga ndiyambe kuyankha ati?"

Achemwali, choyamba patulani matikiti amene akudikira inu ndi amene akudikira mwiniwake. Tikiti ikhoza kukhala ya masabata atatu, koma ngati munafunsa kale funso ndipo munthuyo sanayankhe, imeneyo si ngongole yanu lero. Pamalo ofufuzira sankhani JQL, chinenero chofufuzira cha Jira, n'kulemba izi, koma m'malo mwa IT muike dzina la pulojekiti yanu:

```
project = IT AND status = "Waiting for support" ORDER BY created ASC
```

Yakale kwambiri ibwera pamwamba. Chonde musasanje ndi `updated`, lomwe ndi tsiku limene tikiti inasinthidwa komaliza. Tsiku limeneli limasintha wina akangokhudza tikitiyo, ngakhale kungolembapo ndemanga ya ife tokha a mu ofesi. Zimenezi zinandipweteketsapo kumene ndinkagwira ntchito kale: mayi wina anadikira masiku 9 osamva kanthu, chifukwa tikiti yawo tinkangopatsirana, ndipo nthawi zonse inkaoneka ngati ya dzulo. Mpaka pano zimandiwawa ndikakumbukira.

Mzere ukaoneka, musathamangire kuyankha. Tengani mphindi 10 kuwerenga mitu yonse mpaka pansi, mukudzifunsa kuti vutoli lagwira anthu angati, ndiponso ngati ntchito yawo yaimiratu.

Tiyerekeze kuti ndi pa 25. Pamwamba pali tikiti ya masiku 19, bambo akufuna kiyibodi yatsopano, koma yakaleyo ikugwirabe ntchito. Yachiwiri ndi ya masiku 6: wantchito watsopano alibe akaunti, ndipo palibe amene wamuyankhapo. Pansi penipeni pali matikiti atatu a m'mawa womwewu, onse ochokera ku ofesi ya malipiro, akuti pulogalamu yawo sikutseguka.

Ine ndingayambe ndi atatu apansiwo. Anthu atatu a ofesi imodzi akadandaula chinthu chimodzi pa ola limodzi, kawirikawiri vuto silikhala pa makompyuta awo, limakhala pa seva kapena netiweki, ndipo pali enanso amene angokhala chete. Alumikizeni matikitiwo kuti muwatsate ngati nkhani imodzi. Malipiro akachedwa, kampani yonse imva.

Kenako wantchito watsopano uja. Sabata yathunthu akungobwera kudzakhala pampando, ndipo kumutsegulira akaunti mwina ndi mphindi 15 zokha. Muone pa `Time to first response`, pamene pamaonetsa nthawi yotsala kuti mupereke yankho loyamba: nthawi ikafiira n'kukhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndiye kuti malire amene munalonjeza adutsa kale.

Bambo a kiyibodi abwera pomaliza, koma asagone osamva kanthu. Alembereni mizere iwiri yokha, kuti pempho lawo lili kwa ogula katundu ndipo Lachinayi muwauza pamene zafika. Tsikulo mulilembe penapake, chifukwa Lachinayi likakwana adzakhala akuyang'ana imelo yawo.