Phindu la pa bakitesiti likathera m'sipuredi, komishoni ndi silipeji

"Njira yanga ya EURUSD ndinaiyesa pa TradingView ndi mitengo ya zaka ziwiri. Inatsegula matiredi 600 a loti 0.10, inapambana 360, ndipo phindu linali madola 960. Stop Loss ndi Take Profit zonse ndi mapipi 8. Pa akaunti yeniyeni ndalama zikungotsika pang'onopang'ono. Kodi buloka akundibera, kapena ndi netiweki yathu ya kuno ku Chipata?"

Achimwene, manambala amene mwapereka ndi okwanira kusonyeza kumene ndalama zikupita, ndipo sitifunikira kuganizira aliyense kuti ndi wakuba kuti timvetse zimene zikuchitika. Tiyambe ndi kugawa madola 960 pa matiredi 600. Yankho lake ndi dola 1.60 pa tiredi iliyonse, ndipo popeza pa loti 0.10 ya EURUSD pipi imodzi ndi dola imodzi, ndiye kuti njira yanu imapeza mapipi 1.6 nthawi iliyonse imene yalowa ndi kutuluka pamsika. Nambala imeneyi ndiyo yoyenera kuiyang'anitsitsa, chifukwa ndalama zimene mumalipira pochita malonda zimachotsedwa pa tiredi iliyonse payokha, osati kamodzi pa mapeto a zaka ziwiri. Mzere wokwera bwino umene munauona pa tchati unapangidwa ndi tiphindu tating'ono 600, ndipo chilichonse chodya pipi imodzi ndi theka pa tiredi chidya pafupifupi phindu lonse.

Ngati simunasinthe kalikonse pa Properties, TradingView inayesa njira yanu ndi Commission ya 0 komanso Slippage ya 0, ndiponso inagwiritsa ntchito mtengo umodzi pogula ndi pogulitsa. Pamsika weniweni mitengo ndi iwiri. Mumagula pa Ask, umene uli pamwamba, ndipo mumagulitsa pa Bid, umene uli pansi, mofanana ndi mmene osintha ndalama pa malire a Mwami amachitira: mukawapatsa kwacha yathu n'kulandira ya ku Malawi, kenako n'kusinthanso nthawi yomweyo, simubwerera ndi ndalama zonse zimene munapita nazo, ngakhale mtengo usanasinthe. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi ndiye sipuredi, ndipo mumailipira kamodzi pa tiredi iliyonse, kaya mwapambana kaya mwaluza.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza, amene inu muyenera kuwasintha ndi a buloka wanu. Tinene kuti akaunti yanu ndi ya sipuredi yochepa, ya mapipi 0.2, koma yolipiritsa komishoni ya madola 7 pa loti yathunthu polowa ndi potuluka pamodzi. Pa loti 0.10 komishoniyo ndi masenti 70. Pa matiredi 600, sipuredi itenga madola 120 ndipo komishoni itenga madola 420, kotero pa 960 paja patsala 420 tisanakhudze n'komwe za silipeji. Amene ali ndi akaunti yopanda komishoni asaganize kuti apulumuka, chifukwa kawirikawiri buloka amangokulitsa sipuredi kufika pafupi ndi pipi yathunthu kapena kupitirira, ndipo ndalama yochotsedwa imakhala yofanana.

Silipeji ndiyo imavuta kuiona, chifukwa ilibe mzere wakewake pa sitetimenti monga mmene komishoni ilili. Ndi kusiyana kwa mtengo umene munaufuna ndi mtengo umene oda yanu yakwaniritsidwa nawo. Pulogalamu yoyesera imaganiza kuti kandulo ikangotseka mwalowa pa mtengo wotsegulira kandulo yotsatira, koma zenizeni n'zakuti chizindikiro chimafika pa foni, inu mumachiona, mumadina, oda imadutsa pa netiweki mpaka ku seva ya buloka imene nthawi zambiri ili kutsidya kwa nyanja, ndipo mtengo sukudikirani. Mukhoza kuganiza kuti nthawi zina mtengo udzayenda mokukomerani ndipo zidzalipirana. Zimatero ndithu nthawi zina, koma ngati njira yanu imagula pamene mtengo wayamba kukwera mofulumira, kuchedwa kwanu kumachitika pa nthawi yomwe mtengo ukukuthawani, ndiye kutaya kumachuluka kuposa kupeza. Tiike mapipi 0.3 polowa. Amenewo ndi madola 180 pa matiredi onse.

Potuluka m'pamene pali kusalingana kwakukulu. Take Profit kwa mabuloka ambiri imagwira ngati oda yodikira mtengo woikika, ndipo imakupatsani mtengo umenewo kapena wabwinoko pang'ono. Stop Loss ndi yosiyana, chifukwa mtengo ukangoifika imasanduka oda yotuluka pa mtengo uliwonse umene ulipo, ndipo imagundidwa makamaka pamene msika ukuthamanga mokutsutsani. Choncho silipeji yaikulu imagwera pa matiredi oluza okha. Tikaika mapipi 0.8 pa matiredi 240 oluza, tapeza madola 192. Tsopano pa 420 tichotse 180 ndi 192, ndipo chotsala ndi madola 48 pa zaka ziwiri.

Nkhani yomweyi ingaonedwe mwa njira ina imene ine ndimaiona kuti ndi yothandiza kwambiri. Pa pepala munkapeza 8 n'kutaya 8, ndiye kupambana matiredi 50 pa 100 alionse kunali kokwanira kuti musaluze, ndipo inu munali pa 60. Zolipira zikalowa, tiredi yopambana ikupatsani mapipi 6.8 pamene yoluza ikulandani 10, ndipo kuti mungobweza zimene mwataya muyenera kupambana pafupifupi 59.5 pa 100. Mpata umene unkaoneka waukulu watsala theka la tiredi pa matiredi 100.

Madola 48 aja nawonso ndi okayikitsa. Pulogalamu yoyesera imawerenga tiredi kuti yapambana mtengo ukangokhudza Take Profit, ngakhale utakhudza kamphindi n'kubwerera. Koma tchati ya MetaTrader imajambulidwa ndi mtengo wa Bid, pamene tiredi yogulitsa imatsekedwa pa Ask, kotero n'zotheka kuona kandulo yafika pa mzere wanu koma tiredi osatsekeka, kenako mtengo n'kutembenuka mpaka kukagunda Stop Loss. Tiredi imodzi yotere imasintha zotsatira ndi mapipi osachepera 16, chifukwa 8 amene munawawerenga achoka ndipo mwatayanso 8 ena. Matiredi atatu okha mwa 360 aja akatembenuka chotero, phindu lonse latha. Palinso vuto la kandulo imodzi imene yakhudza Stop Loss ndi Take Profit zonse ziwiri. Ngati pulogalamu ili ndi mitengo inayi yokha ya kandulo, wotsegulira, wapamwamba, wapansi ndi wotsekera, imangoyerekeza kuti woyamba kukhudzidwa ndi uti, ndipo pa malire aafupi ngati mapipi 8 makandulo otere sakhala osowa.

Onaninso nthawi imene matiredi anu amatsegulidwa, chifukwa sipuredi siikhala yofanana tsiku lonse. Imakula kwambiri pamene tsiku la malonda likusintha, 17:00 ku New York, kumene kuno ndi 23:00 kapena pakati pa usiku malinga ndi nyengo ya chaka. Imakulanso pa nthawi yotulutsa malipoti akuluakulu, monga lipoti la ntchito la dziko la America limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 14:30 kapena 15:30 nthawi yathu. Ambiri a ife timapeza mpata wochita malonda madzulo tikaweruka kuntchito, ndipo njira zina zimaoneka zokongola pa bakitesiti chifukwa chakuti zimalowa usiku pamene msika uli bata, pomwe nthawi yomweyo ndi imene sipuredi ingathe kukula mpaka kugunda Stop Loss yaifupi tchati isanasunthe n'komwe. Tiredi ikadutsa ola losinthira tsiku la malonda isanatsekedwe, pamakhalanso swapu, ndalama imene buloka amachotsa kapena kuonjezera pa tiredi yogona usiku, imene kwa mabuloka ambiri imawerengedwa katatu Lachitatu.

Za netiweki mwafunsa bwino, koma mbali yake ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Imakhudza kulowa kwanu ndiponso kutseka ndi dzanja, makamaka magetsi akazima, netiweki n'kufooka. Stop Loss ndi Take Profit zimene mwaika kale pa MetaTrader zimakhala pa seva ya buloka, ndipo zimagwira ntchito ngakhale foni yanu itazima. Kubwereka kompyuta ya VPS pafupi ndi seva kungachepetse gawo la madola 180 aja ngati njira yanu ikuyendetsedwa ndi pulogalamu, koma sikukhudza sipuredi, komishoni kapena silipeji ya pa Stop Loss, ndipo VPS nayonso imalipiridwa mwezi uliwonse.

Kuti mudziwe ngati vuto ndi limeneli, bwerezani mayeso mutaikamo zolipira. Ngati njira yanu inalembedwa mu Pine Script, mzere wa `strategy()` ungakhale wotere:

```
strategy("Njira", overlay=true,
  commission_type=strategy.commission.cash_per_order,
  commission_value=0.35, slippage=5,
  backtest_fill_limits_assumption=2)
```

Masenti 35 ndi komishoni ya oda imodzi pa loti 0.10, ndipo tiredi ili ndi maoda awiri. Samalani ndi `slippage`, chifukwa imawerengedwa m'matiki osati m'mapipi, ndipo pa EURUSD ya manambala asanu pambuyo pa dontho matiki 10 ndiwo pipi imodzi, ndiye 5 ndi theka la pipi. Mzere womaliza ukuuza pulogalamu kuti isawerenge Take Profit ngati yakwaniritsidwa pokhapokha mtengo utadutsa ndi matiki 2. Pa MetaTrader 5, mu Strategy Tester sankhani "Every tick based on real ticks", imene imagwiritsa ntchito Bid ndi Ask zenizeni za buloka, ndipo pa gawo la kuchedwa musasiye "Zero latency, ideal execution".

Manambala abwino koposa ali kale m'manja mwanu, popeza muli ndi akaunti yeniyeni. Tengani matiredi 50 kapena kuposerapo pa History, ndipo pa iliyonse lembani mtengo umene njira inakuuzani kulowera pambali pa mtengo umene munalowera, komanso pamene Stop Loss inali pambali pa mtengo umene tiredi inatsekedwera. Gawani matiredi opambana ndi oluza, a masana ndi a usiku. Akaunti ya demo siithandiza kwenikweni pa ntchito imeneyi, chifukwa nthawi zambiri imakwaniritsa maoda mosavuta kuposa yeniyeni. Mukapeza kuti silipeji imakutsutsani nthawi zonse, ngakhale pa maola abata, popanda tsiku ndi limodzi lomwe limene yakukomerani, pamenepo mungakhale ndi chifukwa chomufunsa buloka, ndipo mudzakhala ndi umboni wolembedwa.

Maganizo anga pa njira yanuyi ndi akuti musaonjezere loti, chifukwa zolipira zimakula limodzi ndi loti ndipo mapipi 1.6 sasintha. Ikani zolipira zimene mwayeza, kenako ziwirikizeni kawiri ndi kuyesanso. Ngati phindu lasowa, yesani lingaliro lomwelo pa makandulo a ola limodzi kapena a maola anayi ndi malire a mapipi 40. Zolipira za pipi imodzi ndi theka pa mapipi 8 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, pamene pa mapipi 40 sizifika gawo limodzi mwa magawo 25. Matiredi adzachepa, ndiye mudzafunika mitengo ya zaka zambiri kuti mayeso akhale odalirika, ndipo swapu muyenera kuiwerenga mosamala chifukwa matiredi ambiri adzagona usiku asanatsekedwe.