Zimitsani foniyo, chotsani khadiyo

"Abale a ku Joni kuno, mwana wafufuta zithunzi zonse za chinkhoswe pa memori khadi ya m'foni mwanga. Kodi ndingapitirize kuigwiritsa ntchito mpaka Loweruka, pamene ndidzapite kwa okonza mafoni m'tauni?"

Achemwali, zimitsani foniyo tsopano lino, muchotse khadiyo ndi kuisunga mu envelopu, ndipo musajambule kanthu ngakhale kamodzi kuti muyese ngati ikugwirabe ntchito. Zithunzi zanu zikadali momwemo. Chimene chafufutidwa ndi dzina lake m'kaundula wa khadi, ndipo malo amene zinakhala angolembedwa kuti ndi opanda mwini. Zili ngati mwini nyumba za lendi ku Rosettenville wachotsa dzina lanu m'buku lake: katundu wanu akadali m'chipinda, koma wina akangolowa, wanuyo atayidwa kunja. Chilichonse chatsopano chimene foni ingasunge pa khadiyo chikhoza kugwera pamalo a zithunzizo, ndipo pamene palembedwa kachiwiri palibe pulogalamu kapena katswiri amene angabweze zakale. Ngati chithunzi chimodzi ndi 4 MB, vidiyo imodzi ya 200 MB ikhoza kukwirira zithunzi 50. Choopsa n'chakuti foni imalemba yokha inu muli m'tulo, pakuti imapanga tizithunzi tating'ono toonetsera, ndipo mapulogalamu ena amasunga zinthu zawo pa khadi osakufunsani.

Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa ine ndinataya zithunzi za maliro a mayi anga, zimene mlongo wanga anajambula ku Mzimba ine nditalephera kupita. Zitafufutika ndinachotsa khadi ya 32 GB nthawi yomweyo, ndipo ndinaipereka kwa mnyamata wina wokonza mafoni kufupi ndi Park Station, amene anandilonjeza kuti zonse zibwerera. Pulogalamu yake inapezadi zithunzizo, ndinaziona ndi maso anga zikundandalikana pa kompyuta yake. Koma itamufunsa kumene azisunge, iye anasankha khadi yomweyo. Chithunzi chilichonse chimene ankapulumutsa chinkagwera pamwamba pa china chimene chinali chisanapulumutsidwe. Ndipo pofuna kundisangalatsa anandiwonjezeramo nyimbo zimene sindinamupemphe, akuti ndi basela.

Nditafika kunyumba ndinatsegula chithunzi choyamba. Kumwamba kunkaoneka nthambi za mtengo ndi mipango ya amayi a mvano, koma kuyambira m'mapewa kutsika m'munsi munali phulusa lokhalokha, mzere wowongoka ngati wodula ndi lumo. China chinali ndi mizere yobiriwira ndi yofiira pamene panayenera kukhala bokosi. Zina zinali ndi dzina ndi kukula kwake bwinobwino koma zinkakana kutseguka. Vidiyo ya m'manda, imene ndinkaifuna koposa zonse, inangoti zii. Chithunzi chooneka theka chotero kawirikawiri chimasonyeza kuti mbali ina ya fayilo yalembedwapo kale. Nditabwerera kukadandaula, mnyamatayo anandiyankha akudya tchipisi kuti khadi yanga inali yabodza, ndipo ndalama zanga sanabweze. Anthu oterewa amadziwa kusintha galasi la foni basi, koma amalandira ntchito iliyonse chifukwa aona kuti ndife obwera ndipo sitingawatengere kulikonse.

Njira yoyenera ndi iyi. Khadiyo muilowetse mu adaputala yaikulu ija yolowetsamo makhadi aang'ono a m'foni, mutsitse kabatani ka m'mbali kolembedwa Lock kuti pa khadiyo pasalembedwe kanthu, kenaka muilumikize ku kompyuta. Kompyuta ikakufunsani kuti ichite Format, kutanthauza kuyeretsa khadi yonse kuti iyambirenso, kapena ikonze khadiyo, mukane. Wodziwa ntchito amayamba wakopera khadi yonse monga ilili, n'kumafufuza m'kopeyo. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imafunafuna zithunzi posadalira kaundula wa khadi, ngakhale kuti mayina akale sabwerera, ndipo zimene yapeza muzisunge pa kompyuta kapena pa fulashi ina, osati pa khadi yomweyo.

Ngati zithunzizo zinali m'kati mwa foni osati pa khadi, nkhani yake ndi yovutirapo, chifukwa mafoni a masiku ano amabisa mafayilo ndi makiyi ndipo amayeretsa okha malo ofufutidwa. Pamenepo chiyembekezo chili mu Trash ya zithunzi, mmene foni imasunga zofufutidwa kwa kanthawi, kapena kwa achibale amene munawatumizira pa WhatsApp.

Musapereke khadiyo kwa anyamata a m'tauni aja. Komabe ngati mulibe kompyuta, pitani nayo Loweruka lomwelo, poti mwa iwo alipo ena odziwa, koma mugule fulashi yatsopano panjira, muime pambali pa wokonzayo mpaka amalize, ndipo akafika posankha kosungira muone nokha kuti wasankha fulashiyo.