Wogula wanu weniweni mumupeza m'kabuku ka maoda

"Ndimagulitsa usipa, mpunga wa Kilombero ndi ufa woyera kuno ku Joni. Onditsatira pa Facebook ndi ambiri koma ogula ndi ochepa, ndipo zoti ndiziikapo zandithera. Mnzanga akuti ndiyambe ndadziwa kuti kasitomala wanga ndi munthu wotani. Ndiyambire pati?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Rosettenville.

Mayi, yambirani pa anthu amene anakulipirani ndalama, osati amene amakutsatirani. Mukatsegula Insights, gawo loonetsa ziwerengero za okutsatirani pa tsamba lanu la Facebook, n'kutheka mupeza kuti ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, anthu amene amayamikira zithunzi zanu koma sangagule usipa ku Joni pomwe uli mbwee pa msika wa kwawo.

Tengani kabuku ka maoda ndi mauthenga a pa WhatsApp a miyezi itatu yapitayi, mulembe ogula 30, kenako muchonge amene anabweranso kachiwiri, chifukwa wogula kamodzi mwina ankangolawa. Pa aliyense lembani dera limene amakhala, tsiku ndi nthawi imene anaitanitsa katundu, ndalama zimene anagulira, ndiponso funso loyamba limene anakufunsani. Funso limeneli ndimaliona lofunika kuposa zaka zawo zakubadwa, pakuti limaulula chimene chimawachititsa kukayika asanatulutse ndalama. Achibale ndi anzanu a ku tchalitchi amene amagula pofuna kukulimbikitsani muwachotsemo, chimodzimodzinso munthu mmodzi wopikula matumba ambiri, chifukwa angakusokonezeni mawerengero.

Tiyerekeze kuti mwa 30 aja, 18 anabweranso, ndipo 12 mwa iwowa ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba cha ku Randburg ndi Sandton, amene amalemba uthenga nthawi itadutsa 8 koloko usiku, amagula za pakati pa R200 ndi R350 kuyambira pa 25 mpaka kumayambiriro a mwezi, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti, "Ndikatengera kuti?" Aimbireni asanu mwa iwowa. Musawafunse zimene angakonde kuona pa tsamba lanu, chifukwa mwaulemu wathu adzangoti zonse zili bwino. Afunseni za ulendo womaliza umene anagula: chinawachititsa n'chiyani, ankagula kuti kale, ndipo anamva za inu kwa yani.

Zimene mwapezazo muziphatikize kukhala munthu mmodzi wongoyerekeza, wolembedwa m'mizere yochepa. Tingamutche Mayi a Lamulungu. Amagona pa ntchito, foni amaigwira akaweruka usiku, amapeza mpata wotuluka Lamulungu lokha, amalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo nkhawa yawo si mtengo kwenikweni, koma kuwononga ndalama ya takisi ndi tsiku lawo lopuma n'kukapeza usipa watha kapena ndi wakalekale.

Mzere uliwonse uyenera kusintha kanthu pa zimene mumaika, ndipo umene sukusintha kanthu muufufute. Ngati amayiwa amaona foni usiku, zoika 10 koloko m'mawa zileke. Ngati amalandira pa 25, mndandanda wa mitengo utuluke cha pa 23, ndipo pakati pa mwezi muzionetsa timapaketi ta R50. Nkhawa ya ulendo wopanda phindu ija muiyankhe Lachisanu lililonse ndi chithunzi chojambula pafupi cha usipa uli m'dzanja, tsiku limene wafika kuchokera kumudzi, malo okumanirana Lamulungu, kaya ndi pafupi ndi Park Station kapena ku renki ya ku Randburg, komanso lonjezo lakuti woitanitsiratu mumusungira. Mulembe m'Chichewa chomwe iwo amakulemberani.

Yesani zimenezi kwa mwezi wathunthu kuti mudutse tsiku lolandira, ndipo muziwerenga mauthenga ofunsa katundu ndi maoda, osati zala zoyamikira. Funso la "ndikatengera kuti" likachepa maoda n'kukwera, mwalasa. Mukaona kuti oyamikira achuluka koma foni ili zii, kapena akugula ndi anyamata a ntchito zomanga amene amalandira Lachisanu lililonse, ndiye kuti mwajambula munthu wolakwika kapena pali gulu lachiwiri. Gulu lachiwirilo mulilembere munthu wake pokhapokha ngati limagula nthawi ina ndiponso pa chifukwa china. Kwa bizinesi ya munthu mmodzi, awiri akwana.

Pomaliza, kabuku kaja musakaonetse aliyense. Dziko la South Africa lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, choncho mayina, manambala ndi zithunzi za mauthenga a makasitomala musaziike pa tsamba popanda chilolezo chawo, ngakhale uthengawo ukhale woyamikira mpunga wanu.