Kuyeza kuya kwa buku la maoda musanagule masheya ambiri

Funso: Ndine wophunzira za chuma ndipo ndikukonzekera mayeso olowera ntchito pa kampani yogula ndi kugulitsa masheya. Ndamva kuti amakuonetsa buku la maoda n'kufunsa ngati oda ya masheya 4,000 ingakweze mtengo. Kodi ndiziyang'ana chiyani?

Yankho: Mtengo umene umaoneka pamwamba pa bukulo, limene ndi mndandanda wa maoda ogula ndi ogulitsa amene akudikira, ndi wa masheya ochepa okha amene ali pamzere woyamba, ndipo oyesa amafuna kuona ngati mumadziwa zimenezi. Popeza mukugula, siyani kaye mbali ya ogula yolembedwa Bid, muyang'ane mbali ya ogulitsa yolembedwa Ask, pamodzi ndi Size, chimene ndi chiwerengero cha masheya amene akudikira pa mtengo uliwonse. Tiyerekeze kuti akuonetsani izi:

```
Ask     Size
50.10    800
50.15  1,200
50.25  1,000
50.60  1,500
```

Oda ya mtundu wa Market imatenga masheya otchipa poyamba, ndipo akatha imapita pamzere wotsatira mpaka chiwerengero chanu chikwane. Choncho mugula 800 pa 50.10, kenako 1,200 pa 50.15, kenako 1,000 pa 50.25, ndipo 1,000 otsalawo muwapeza pa 50.60. Mukachulukitsa mzere uliwonse n'kuphatikiza, mupeza 201,110, kutanthauza kuti sheya imodzi yakudyerani pafupifupi 50.28. Akanakhala kuti onse 4,000 anagulidwa pa 50.10, mukanalipira 200,400. Kusiyana kwa 710 kumeneko ndiye ndalama imene mwataya chifukwa cha kukula kwa oda yanu, ndipo wogula wobwera pambuyo panu apeza mtengo wotsikitsitsa uli 50.60.

Ophunzira ambiri amaimira pomwepa, koma amene amapatsidwa ntchito ndi amene amafunsanso kuti 710 ameneyu wachokera pati. Mukanagula masheya 3,000 okha, mukanalipira 150,510, ndipo kutayako kukanakhala 210 basi. Ndiye kuti 500 yense wabwera ndi masheya 1,000 omalizawo, chifukwa pakati pa 50.25 ndi 50.60 palibe aliyense wogulitsa. Mpata woterewu ndiwo muyenera kuufunafuna ndi maso musanayambe n'komwe kuwerengetsa, pakuti buku likhoza kuoneka lodzaza mukaphatikiza masheya onse, pamene ambiri mwa iwo ali kutali ndi mtengo woyamba. Kwa oyesa munganene kuti muika oda ya Limit pa 50.25, imene singagule pa mtengo woposa pamenepo, mutenge 3,000 amene alipo, otsalawo adikire ogulitsa atsopano. Onjezaninso kuipa kwake musanafunsidwe: mtengo ukapitiriza kukwera, 1,000 otsalawo simuwapeza, ndiponso oda yanu ikakhala m'buku anthu onse amaona kuti pali wogula amene akudikira.

Musaiwale kuti bukulo limangoonetsa mmene zinthu zilili pa kanthawi kameneko. Wogulitsa ali ndi ufulu wochotsa oda yake nthawi iliyonse isanagulidwe, ndipo msika ukagwedezeka ndi nkhani yadzidzidzi ogulitsa ambiri amachotsa zawo nthawi imodzi, moti 1,200 munawaona aja akhoza kusowa oda yanu isanafike. Palinso anthu amene amaika oda yaikulu popanda cholinga choti igulidwe, n'cholinga chonyenga ena, khalidwe limene misika yambiri imaletsa. Mumawazindikira poona kuti oda yawo imasowa kapena kusunthira kutali mtengo ukangoiyandikira.

Nthawi zina kusokonekeraku kumakukomerani. Misika ina imalola wogulitsa kuonetsa kagawo kochepa ka oda yake n'kubisa kotsalako. Ngati pa 50.15 pakuoneka 1,200, koma mndandanda wa malonda amene achitikadi ukuonetsa kuti masheya ochuluka kuposa pamenepo agulidwa kale pa mtengo womwewo ndipo chiwerengerocho chikungobwereranso, dziwani kuti mwina pali wogulitsa wamkulu wobisala, ndipo oda yanu mwina sifika pa 50.60. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri mndandanda wa malonda ochitikadi kusiyana ndi buku lokhalokha, chifukwa oda yodikira ikhoza kuchotsedwa, pamene malonda amene achitika asonyeza mtengo umene wina anavomera kulipira.

Pokonzekera, pezani pulogalamu yoyesera malonda imene imaonetsa Level 2, kutanthauza mizere ya mitengo ya m'buku la maoda ngati ili pamwambayi, musankhe sheya imodzi yogulidwa kwambiri ndi ina yogulidwa mwa apo ndi apo. Pa iliyonse werengetsani pamanja mtengo wapakati wa oda yomweyo msika ukangotsegulidwa ndiponso masana, kenako onani kuti mzere ukadyedwa pamatenga masekondi angati kuti ogulitsa ena adzazepo. Ukadzaza msanga, kugawa oda yanu m'zigawo za 1,000 kungakupulumutseni. Ukachedwa, chigawo chilichonse chidzapeza buku lochepa kuposa limene chinzake chinapeza.